Mawu otsegulira msonkhano m'Chimandarini: papepala ali bwino, koma pakamwa akukana

Chikondi: Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Mwezi wamawa kuno ku Tchaina kuli msonkhano wa za ulimi ndi chakudya, ndipo mmodzi mwa otsegulira ndi bambo wina wamkulu wochokera kwathu, chifukwa bungwe lawo lili m'gulu la okonza msonkhanowo. Iwo aziyankhula m'Chingerezi ndime imodzi, akaima ine ndizibwereza m'Chimandarini. Zolemba zawo anatumiza kale, mawu pafupifupi 1,300, ndipo ndamasulira zonse. Mnzanga wa konkuno waziwerenga ndipo akuti galamala ilibe vuto. Koma ndikaimirira kuti ndiwerenge mokweza, mpweya ukundithera chiganizo chisanathe, ndipo nanenso ndikumva kuti sizikumveka ngati mmene anthu a kuno amayankhulira pamsonkhano. Ndiyambire pati?

Yamikani: Chemwali musadandaule, Chitchaina ndi chachifupi kuposa Chingerezi. Masamba anayi a Chingerezi amasanduka awiri ndi theka. Mungochepetsa liwiro basi, nthawi ikutsalirani yambiri.

Bambo Mbewe: Papepala n'chachifupidi a Yamikani, koma pakamwa ayi. Chilembo chimodzi cha Chitchaina ndi phatikizo lathunthu, ndiye tsamba limaoneka laling'ono pomwe mawu otuluka pakamwa ndi ambiri. Kawirikawiri mawu 1,300 a Chingerezi amatulutsa zilembo 2,000 kapena kuposerapo. Pamwambo wotsegulira munthu amawerenga zilembo ngati 200 mpaka 220 pa mphindi, ndiye mphindi khumi zatha kale. Abwanawo nawo akufunika mphindi zawo khumi. A Chikondi, okonza msonkhano akupatsani nthawi yochuluka bwanji? Komanso tiikireni chiganizo chimodzi chimene chikukutsamwitsani, tione pamene pali mfundo.

Chikondi: Atipatsa mphindi 15, tonse awiri. Chiganizo choyamba penipeni nachi. Ndikachiika m'Chichewa motsata mmene Chingerezicho chayalidwira, chikuti: “Ndine wokondwa kwambiri kulandira nonsenu, amene mwachokera m'mayiko oposa 20, kumsonkhano uno, umene wasonkhanitsa akatswiri a kafukufuku, alimi ndi okonza mfundo za boma amene akuyesetsa kuthetsa njala.”

Ine ndamasulira chonchi:

我非常高兴地欢迎来自二十多个国家的你们所有人参加这个汇集了致力于消除饥饿的研究人员、农民和政策制定者的会议。

Bambo Mbewe: Chabwino. Za mphindi 15 tikambirana pambuyo, koma dziwani kale kuti zolembazo sizikwana, zifunika kudula.

Tiyeni pa chiganizochi. Chili ndi zilembo 52, ndipo kachizindikiro koyamba kopumira kakubwera mutawerenga kale zilembo 41. Pa liwiro la pamwambo amenewo ndi masekondi ngati 12 osakoka mpweya, muli chiimire, maso a anthu ali pa inu. Mpweya sungalephere kutha.

Koma gwero la vutoli si kutalika kokha. Taonani chiganizo cha Chichewa mwalembacho. Ndi chachitali ndithu, koma aliyense angachiwerenge bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti m'Chichewa, monganso m'Chingerezi, timayamba tatchula chinthucho kenako n'kumachifotokoza: msonkhano, umene wasonkhanitsa akutiakuti, amene akuchita zakutizakuti. Womvera wagwira kale dzina, zotsatirazo akungowonjezera, ndipo wowerenga angathe kupuma pa “umene” kapena pa “amene” aliyense. Chimandarini chilibe njira imeneyo. Chilichonse chofotokoza dzina chimabwera dzinalo lisanatchulidwe, n'kumangiriridwa ndi 的, lija timati de. Ndiye mukasunga chiganizo cha Chingerezi chili chimodzi, michira yake yonse imathamangira kutsogolo. Mu chanuchi, mwanena 这个, “uwu”, kenako womvera akudikira zilembo 24 kuti amve 会议, “msonkhano”. Nthawi yonseyo sakudziwa kuti “uwu” ndi chiyani. Zili ngati kumusenzetsa munthu mitolo itatu musanamuuze kumene akupita nayo.

Ife olankhula Chichewa vuto limeneli sitilimva msanga, chifukwa khutu lathu linazolowera dongosolo lofanana ndi la Chingerezi pa nkhani imeneyi.

NaBanda: Zoona zimenezo. Ophunzira anga ambiri amagwera pomwepo akafika pa kulemba nkhani zazitali. Ine ndimawauza kuti awerenge ma 的 m'chiganizo. Akapitirira awiri asanafike pa mpumiro, aime kaye aone. Mwa a Chikondi muli atatu, ndipo awiri omalizawo, wina ali m'kati mwa mnzake. Komanso 你们所有人, “inu nonse”, ikumveka ngati mukuloza anthu chala. Pamwambo amati 各位, gèwèi, ndiwo ulemu wake.

Chikondi: Ndiye ndichidule pa ma 的 pomwepo?

Bambo Mbewe: Kungodula sikuthandiza, chifukwa zidutswazo sizingaime pazokha. Muyenera kuchiphwasula n'kuchimanganso. Dzifunseni kuti muli nkhani zingati m'menemo. Ine ndikuona zinayi: anthu achokera kutali, ndikuwalandira, ndi anthu amitundu yakutiyakuti, ndipo akufuna chinthu chimodzi. Chimandarini chimakonda kuyala zinthu motsata mmene zachitikira, choyambitsa patsogolo, maganizo a woyankhula pambuyo. Anthuwo anayamba abwera, kenako inu mukuwalandira. Ndiye ndingayale chonchi, mzere uliwonse mpweya umodzi:

各位从二十多个国家远道而来，
我谨表示热烈欢迎。
在座的有科研人员，
有农民朋友，
也有政策制定者。
大家相聚在这里，
为的是同一个目标：
消除饥饿。

Kwa amene simuwerenga zilembozi, zikuti: “Inu nonse mwachokera kutali, m'mayiko oposa 20, ndikukulandirani ndi manja awiri. Pano pali akatswiri a kafukufuku, pali anzathu alimi, palinso okonza mfundo. Tasonkhana pano chifukwa cha cholinga chimodzi: kuthetsa njala.”

Werengani zilembozo, zakwana 60. Zachuluka kuposa 52 zija, komabe n'zopepuka pakamwa, chifukwa mzere wautali kwambiri uli ndi 13 ndipo yotsalayo sikupitirira 8. Taonaninso kumene “kuthetsa njala” kwapita. M'Chingerezi muja mawu amenewa anali kumapeto, pamalo pamene woyankhula amatsindika. M'kumasulira koyamba kuja anakwiririka pakati pa chiganizo ngati mfotokozi wamba, ndipo chiganizo chinathera pa “msonkhano”, mawu opanda mphamvu. Pano abwerera kumapeto, ali okha pamzere wawo, xiāochú jī'è, ndipo phatikizo lomaliza lili ndi toni yachinayi, yotsika mwamphamvu. Mukafika pamenepo mumaima, holo imadziwa kuti mfundo yatha.

Dalitso: Pepani ndalowa mochedwa. Koma zimenezi si za m'kachipinda kaja ka magalasi, anthu atavala zomvera m'makutu? Kumeneko palibe nthawi yoyala mizere, umangothamanga limodzi ndi woyankhula. Msuweni wanga amagwira ntchito imeneyo pa Chifalansa, amati chachikulu ndi kusatsalira.

Chikondi: Ayi achimwene, kuno kulibe kachipinda pa mwambo wotsegulirawo. Ndiima pambali pawo ndi maikolofoni yanga, iwo akamaliza ndime ine ndiyambe. Zolemba ndili nazo kale m'manja.

Dalitso: Oho, ndamva tsopano. Ndiye bwanji osangowalembera m'zilembo zathu zija za pinyini, awerenge okha? Anthu angasangalale kumva mlendo akuyankhula chinenero chawo.

NaBanda: Moni yekha inde, dàjiā hǎo, ndi zikomo wa kumapeto, xièxie dàjiā. Zimenezo anthu amaombera m'manja. Koma mphindi zisanu za pinyini kwa munthu amene sanaphunzire matoni, palibe angamve kanthu. Asiyeni ayankhule Chingerezi chawo.

Mayi Kumwenda: Ine Chitchaina sindichidziwa, koma ndatanthauzira alaliki ochokera kunja kutchalitchi kwathu kwa nthawi yaitali, kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Zimene a Mbewe achitazi ndikuzizindikira. Koma chimodzi chikundivuta. Bamboyo anati “alimi”, inu mwalemba “anzathu alimi”. Anati “ndine wokondwa”, inu mwachotsa. Kwathu mlaliki akamva kuti womasulira akuwonjezera zake, amakhumudwa, ndipo amakhala ndi chifukwa. Malire ake ali pati?

Bambo Mbewe: Funso labwino mayi. Za “wokondwa” sindikuona kuti zatayika, zalowa mu 热烈, rèliè, kulandira kotentha, kwa mtima wonse. Za “anzathu” ndikuvomera kuti ndawonjezera, ndipo chifukwa chake ndi kayendedwe ka mawu. Ndifotokoze pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani ya a Chikondi.

Chimandarini cha masiku ano chimayenda ndi mapazi a maphatikizo awiriawiri. Mawu ambiri ndi a maphatikizo awiri, ndipo khutu la eni chinenero limakonda kuti awiri akumane ndi awiri anzake, kapena limodzi likumane ndi limodzi. “Kubzala mitengo” mungati 种树, zhòng shù, limodzi ndi limodzi. Mungatinso 种植树木, zhòngzhí shùmù, awiri ndi awiri. Koma mukati 种植树, awiri ndi limodzi, tanthauzo lilipo koma Mtchaina aliyense amva kuti mwapunthwa. N'chifukwa chake 热烈欢迎 ndi 消除饥饿 zikukhala bwino pakamwa, zonse ndi awiri ndi awiri.

Tsono pamndandanda uja, 科研人员 ali ndi maphatikizo anayi, 政策制定者 asanu, ndipo pakati pawo 农民 ali ndi awiri okha. Mukawerenga mokweza, alimi akudutsa mofulumira ngati ongotchulidwa mwamwambo, pamsonkhano woti ndi wa ulimi. 农民朋友, nóngmín péngyou, ikuwapatsa maphatikizo anayi, kulemera kofanana ndi akatswiri aja. Ndipo si mawu opeka ine, amamveka kawirikawiri pa wailesi ndi pamisonkhano ya kuno.

NaBanda: Apa ine ndisiyana nanu pang'ono bambo. Amamvekadi pa wailesi, koma amatuluka m'kamwa mwa munthu wa mu ofesi akuyankhula kwa anthu akumudzi. Kwa ine ali ndi kafungo koyang'ana pansi. Bwanji akatswiriwo sitikuwatchula anzathu? Ndikanakonda 农民代表, nthumwi za alimi. Maphatikizo ndi anayi omwewo.

Bambo Mbewe: Ngati alidi nthumwi zotumidwa ndi mabungwe a alimi, ndiye yanuyo ndi yabwino kuposa yanga. Koma ngati ndi alimi oitanidwa paokha, mwawonjezera mfundo yoti si yoona, pomwe ine ndangowonjezera ulemu. A Chikondi afunse.

Chikondi: Ambiri akuchokera m'makopaletivi, koma sindikudziwa ngati onse. Ndifunsa.

Mayi Kumwenda: Ndamva chifukwa chake. Komabe ine ndikanawauza eni mawuwo. Ndi dzina lawo limene lili pa pulogalamu.

Bambo Mbewe: Pamenepo tikugwirizana kwathunthu. Chilichonse chowonjezera chilembedwe pambali m'Chingerezi, iwo avomere.

Yamikani: Ine zimene ndinaona ndili ku Guangzhou n'zakuti akuluakulu akamayankhula, zonse zimakhala zinayizinayi. Ndiye chemwali ingodzazani mawu a zilembo zinayi aja, 合作共赢, 携手并进, ndi ena otero. Mzere uliwonse ukhale ndi ake. Anthu amakonda zimenezo.

Bambo Mbewe: Mwaona bwino kuti alipo ambiri, koma malo ake ndi osankha. Mawu a zilembo zinayi amagwira ntchito yotseka, amauza khutu kuti ndime yafika pamapeto. M'mizere isanu ndi itatu ija muli 远道而来 koyambirira ndi 消除饥饿 kumapeto, ndipo zakwana. Mukawaika paliponse, choyamba amasiya kumveka, chifukwa omvera anawamva kambirimbiri. Chachiwiri, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, amadya mfundo. Tiyerekeze kuti bamboyo akunena kuti mabungwe awiri azigawana zotsatira za kuyesa mbewu nyengo iliyonse. Limenelo ndi lonjezo loti munthu angalilondole chaka chamawa. Mukalisandutsa 合作共赢, “kugwirizana kopindulira onse”, lamveka bwino koma lonjezo lija lasowa. Pamene pali nambala, tsiku kapena lonjezo, nenani m'mawu wamba, mizere ifupiifupi, ngakhale isakhale yokongola.

Chikondi: Ndime yachitatu ili ndi zoterozo ndithu. Muli alimi 1.5 miliyoni amene akufuna kuwafikira, muli nkhani ya ufulu wa amayi pa malo olima, mulinso za kukwera mtengo kwa mafuta ophikira.

NaBanda: Ndime imeneyo ili ndi misampha itatu, ndipo iwiri mwa iyo papepala simungaione. Tandiuzani, mafuta ophikira mwalemba chiyani?

Chikondi: 食油.

NaBanda: Ndimayembekezera. 食油 ndi 石油 zimamveka chimodzimodzi, shíyóu, matoni omwewo. Wowerenga amaona kusiyana, womvera ayi, ndipo mukanena za kukwera mtengo aliyense aganiza za mafuta a pansi aja opangira petulo, chifukwa ndi amene amamveka pa nkhani tsiku ndi tsiku. Nenani 食用油, shíyòngyóu. Pa ufulu chimodzimodzi: 权利 ndi ufulu, 权力 ndi mphamvu ya ulamuliro, zonse quánlì. Pa nkhani ya amayi ndi malo kusiyana kumeneko n'kofunika. Ambiri poyankhula amathawira ku 权益, quányì, imene imanena za ufulu pamodzi ndi zimene munthu ayenera kupindula. Onani ngati ikugwirizana ndi zimene bamboyo akutanthauza.

Chinanso chaching'ono cha mtundu womwewo. 他 ndi 她 zonse ndi tā. Ngati m'Chingerezi akusiyanitsa mwamuna ndi mkazi ndi timawu tawo tija, inu bwerezani dzina kapena udindo wa munthuyo.

Nambala ija ilembeni mmene muitchulire. Iwo amawerenga ndi 万, wàn, imene ndi 10,000, ndi 亿, yì, imene ndi 100 miliyoni. Ndiye 1.5 miliyoni ndi 150万, yìbǎi wǔshí wàn. Musasiye “1,500,000” papepala n'kumayembekeza kuti muwerengera maziro muli pa maikolofoni.

Agogo Kalua: Ana anga, ine Chimandarini changa ndinachiphunzira ku Taiwani, nthawi imene dziko lathu linali paubale ndi kumeneko, tisanasinthire ku Beijing kumapeto kwa 2007. Ndangofuna kukukumbutsani kuti muonetsetse dzina la dziko lathu. Ife tinkati 馬拉威, Mǎlāwēi. Ndamva kuti kumtundako amalemba mosiyana.

Chikondi: Inde agogo, kuno ndi 马拉维, Mǎlāwéi, phatikizo lomaliza likukwera. Lilongwe ndi 利隆圭.

Agogo Kalua: Ehe. Ndiye musatengere za ine pamenepo. Koma malonje ndiwo ndikufuna ndimve. Kwathu munthu satsegula msonkhano asanatchule olemekezeka mmodzimmodzi. Mwayamba bwanji?

Chikondi: Iwo alemba mwachidule, alendo olemekezeka, amayi ndi abambo, kenako mawu aja timakonda kwathu onena kuti ulemu wonse watsatidwa. Mnzanga uja akuti ndiyambe ndi 尊敬的各位领导、各位来宾，女士们、先生们，大家上午好. Akuti popanda 领导, “akuluakulu”, zimveka zozizira.

Bambo Mbewe: Mawu a “ulemu wonse watsatidwa” asiyeni, alibe mnzake m'Chimandarini ndipo mukawamasulira anthu adabwa kuti mukunena za chiyani. Mzere wa mnzanuyo ndi umene umamvekadi m'misonkhano ya kumeneko, ndipo kayendedwe kake n'kabwino, timagulu tifupitifupi totsikira pa moni. Koma 领导, lǐngdǎo, ndi mawu a munthu wa m'kati akuyankhula kwa akuluakulu ake. Bambo wanuyo ndi mlendo, ndiponso mnzawo wokonza nawo msonkhano, si wantchito wawo. Ine ndikanatchula wamkulu mmodzi kapena awiri ndi dzina la makolo lotsatidwa ndi udindo, monga mwa mwambo wawo, dzina patsogolo udindo pambuyo, kenako 各位嘉宾, alendo olemekezeka, kenako amayi ndi abambo. Mndandanda wa mayina ndi maudindo mukatenge kwa okonza msonkhano, wolembedwa m'zilembo zawo, ndipo mufunse katchulidwe ka dzina lililonse. Zilembo zina zimasintha zikakhala dzina la munthu. 单 timaizolowera kuti dān, koma ikakhala dzina ndi Shàn. 曾 ndi céng m'chiganizo, koma dzina ndi Zēng. Kulakwitsa dzina la mlendo wamkulu pa mzere woyamba kumaononga zambiri kuposa 的 khumi.

NaBanda: Ine ndili kumbali ya mnzake wa Chikondi. Ngati m'holomo muli akuluakulu a chigawo ndi a sukulu ambiri oti simungawatchule onse, 各位领导 imawaphimba onse, ndipo palibe amaona ngati mlendo wadzichepetsa. Amangoona kuti womasulira akudziwa mwambo.

Agogo Kalua: Kumene ndinali ine ankati 各位長官 ndi 各位貴賓. Mawu ndi ena koma mtima ndi womwewo, wamkulu amafuna amve kuti waonedwa. Ine ndikanaika.

Bambo Mbewe: Sindikukana kuti ambiri amatero. Ndikungoti mawuwo atuluka m'dzina la bamboyo, ndiye afotokozeredwe tanthauzo lake asankhe okha. Kumapeto kokha ndiko sindikayika: 预祝大会圆满成功，谢谢大家, kufunira msonkhano kuti uyende bwino mpaka kumapeto. Ngakhale m'Chingerezi mulibe, apempheni kuti muike, chifukwa omvera akamva yuánmǎn chénggōng amadziwa kuti yakwana nthawi yoomba m'manja. Popanda mawuwo pamakhala kachetechete, anthu akuyang'anana ngati mwamaliza kapena ayi.

Yamikani: Nanga za toni yachitatu? Aphunzitsi athu ankati matoni achitatu asatsatizane, ndi kulakwa.

NaBanda: Si kulakwa achimwene, amatsatizana tsiku lililonse, moni wamba uja wa 你好 ndi achitatu awiri. Chimene chimachitika n'chakuti woyambayo amasintha n'kumveka ngati wachiwiri, ní hǎo. Eni chinenero amachita zimenezi osaganiza. Koma mfundo yanu ili ndi ntchito kwa Chikondi, chifukwa iye Chimandarini anachiphunzira atakula ngati ife tonse. Akatsatizana anayi kapena asanu, uyenera kudziwa pogawa timagulu kuti udziwe amene asinthe, ndipo pamaso pa anthu lilime limakodwa. Pa ndime yothokoza, anthu ambiri amalemba 我也很想感谢, wǒ yě hěn xiǎng gǎnxiè, achitatu asanu mondondozana. Sinthani kuti 我还要感谢, wǒ hái yào gǎnxiè. Tanthauzo silinasunthe, koma pakamwa pamasuka.

Chikondi: Mzere umenewo ulimodi, ndendende mmene mwaulemberamo. Ndausintha. Tsono za nthawi zija bambo Mbewe?

Bambo Mbewe: Mphindi 15 muchotsepo imodzi ndi theka ya kuyenda kupita kutsogolo, kuomba m'manja ndi kusinthana pakati pa inu awiri. Zotsalazo mugawane pakati, aliyense mphindi zisanu ndi imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Kwa iwo amenewo ndi mawu a Chingerezi ngati 850, kwa inu zilembo ngati 1,400. Ndiye pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zolembazo lichoke, ndipo odula akhale iwo, osati inu. Musayese kupulumutsa nthawi pothamanga. Mukathamanga matoni amaphwanyika, ndipo timipata topumira tija, timene tavutikira kupanga, timatha.

Muwatumizire zolembazo mutazigawa kale m'zidutswa za ziganizo ziwiri kapena zitatu, chilichonse ndi nambala yake, nambala zomwezo zikhalenso pa pepala lanu. Akayankhula mphindi ziwiri osaima, theka la holo limene silimva Chingerezi limayamba kuyang'ana mafoni.

Mayi Kumwenda: Ndipo muwapemphe kuti akafuna kuchoka pa zolembazo akuyang'aneni kaye. Akuluakulu akaona anthu ambiri amakonda kuwonjezera kankhani. Inu muzimvetsera zimene akunena, osati kungodikira kuti aime kuti muwerenge nambala yotsatira. Ndinaonapo womasulira akuwerenga ndime yoti woyankhula anaidumpha.

Chikondi: Zimenezo ndiwauza mawa pa foni. Funso lomaliza. Mnzanga uja anati zonse zili bwino pamene sizinali bwino. Ndidziwa bwanji kuti ulendo uno zatheka?

Bambo Mbewe: Mnzanuyo sananame, munamupatsa pepala ndiye anayankha za pepala. Maso amatha kubwerera m'mbuyo kukafuna dzina limene latayika, khutu silingathe. Ulendo uno musamupatse. Akhale kumapeto kwa chipinda, inu muimirire muwerenge ndime imodzi mokweza, kenako akuuzeni m'mawu ake zimene wamva. Pamene wasokoneza, kapena wafunsa kuti “mafuta ati?”, pamenepo pali ntchito. Ndi bwinonso kupeza wina wosadziwa za ulimi komanso wosadziwa Chingerezi, chifukwa wodziwa Chingerezi amamva Chingerezi chobisala pansi pa chiganizo n'kukukhululukirani osazindikira.

Mudzijambulenso mawu pa foni. Pomvetsera, ikani chizindikiro paliponse pamene mwakoka mpweya pamalo opanda chopumira. Ngati mwapuma pakati pa 的 ndi dzina lake, mzere umenewo ndi wautali, uphwasuleni. Pepala lomaliza lisindikizidwe ndi zilembo zikuluzikulu, mzere umodzi mpweya umodzi monga ndinayalira pamwambapa, kamzere kamodzi kopendekera popuma pang'ono, tiwiri popuma kwambiri. Pinyini ikhale pamwamba pa mayina ndi zilembo zokayikitsa zokha. Mukaika paliponse maso amathawira ku pinyini ndipo mumayamba kuwerenga phatikizo limodzilimodzi.

NaBanda: Mukamaliza ndime yachitatu ija muitumize pano tiione, makamaka pa 权益. Sindinakhutire kuti ikukwanira ngati bamboyo akunena za umwini wa malo mwalamulo.

Chikondi: Akunenadi za kulembetsa malo m'dzina la mayi. Ndiitumiza usiku uno pamodzi ndi Chingerezi chake, ndipo za 领导 ndi za nthumwi za alimi ndifunsa kwa iwo ndi kwa okonza msonkhano.

Bambo Mbewe: Ngati ndi kulembetsa, mwina osafuna dzina limodzi lonyamula zonse. Nenani ndi mneni, kuti malo alembedwe m'dzina la amayi, 把土地登记在妇女名下. Koma tiyambe taona chiganizo chonse, chifukwa malamulo a malo a ku Tchaina ndi osiyana ndi athu, ndipo omvera angamve zina.